Achimwene ali ku Joni, koma pa chithunzi akufunika: kulowetsa m'bale pa chithunzi cha banja

Kudula munthu pa chithunzi china n'kumuika pa china si kovuta masiku ano, ngakhale foni imatha. Chovuta ndi choti amayi ake akachiona atachipachika pakhoma asanene kuti, "Koma mwanayu waima mwachilendo bwanji?" Sangathe kufotokoza chimene chalakwika, koma diso lawo laona kale. Nthawi zambiri chimakhala chimodzi mwa izi: munthuyo kuwala kukumumenya kuchokera kwina pamene anzake kukuwamenya kuchokera kwina, mutu wake wakula kapena wachepa, kapena akuoneka ngati akuyandama chifukwa alibe mthunzi. Ndipo zambiri mwa zimenezi sizikonzedwa pa kompyuta. Zimapewedwa poyambirira penipeni, posankha chithunzi chomwe muchotsemo munthuyo.

Titenge chitsanzo chimodzi tiyende nacho mpaka kumapeto. Mtsikana wamaliza maphunziro ku Mzuni, banja lasonkhana kunyumba ku Chibavi, ndipo ajambulitsa panja kutsogolo kwa nyumba ya njerwa zootcha. Ndi m'mawa wa mwezi wa Juni, kumwamba kwatseka ndi mitambo monga Mzuzu amachitira nyengo imeneyi. Agogo, mayi, bambo ndi mwini tsikulo akhala pamipando, ena onse aimirira kumbuyo. Wojambula anagwiritsa ntchito foni, chithunzi chake ndi cha mapikiselo 4000 m'litali ndi 3000 m'lifupi. Mchimwene wake wamkulu, amene amalipira fizi, ali ku Joni ndipo sanathe kubwera. Banja likufuna aonekepo.

Mayina a zida amene nditchule ndi a mu GIMP, pulogalamu yokonzera zithunzi, chifukwa ndi yaulere ndipo imayenda pa laputopu yakale. Amene muli ndi Photoshop kapena mumatsegula Photopea mupeza zida zomwezo, kungosiyana pang'ono mayina.

Yambani mwawerenga chithunzi cha banjacho

Musanapemphe chithunzi chilichonse ku Joni, kulitsani nkhope ziwiri kapena zitatu pa chithunzi cha banja n'kuziyang'anitsitsa. Funso loyamba ndi lakuti kuwala kukuchokera kuti. Yankho lili pansi pa mphuno, pansi pa chibwano ndi pamphumi. Pa khungu lathu lakudali mphumi ndi masaya zimanyezimira, ndipo mbali imene yanyezimirayo ndi imene kuli kuwala. Pa tsiku la mitambo ngati limeneli, mphumi ndi pamwamba pa mapewa zimawala, m'maenje a maso mumada pang'ono, pakhosi pamakhala mthunzi wofewa wopanda malire ake enieni. Pansi simupeza mithunzi italiitali ya anthu, mungoona kuda kozungulira nsapato ndi miyendo ya mipando.

Funso lachiwiri ndi lakuti kuwalako ndi kolimba kapena kofewa. Onani m'mphepete mwa mthunzi. Dzuwa la poyera limadula mthunzi mwakuthwa, mutha kuutsatira ndi pensulo. Mitambo, khonde kapena tsinde la mtengo wamasamba ambiri zimabweretsa mthunzi umene umazilala pang'onopang'ono. Apa ndi pamene pagona nkhani, chifukwa mtundu wa chithunzi umasinthika mosavuta, kuwala kukachepa mutha kuwonjezera, koma mthunzi wakuthwa umene wadutsa pakati pa nkhope simungaufufute osawononga nkhopeyo.

Funso lachitatu ndi lakuti kamera inali pamtunda wotani kuchokera pansi. Nyumba ya njerwa imathandiza kwambiri. Ngati khoma la m'mbali likuoneka, tsatirani mizere ya njerwa. Mizere ya pamwamba imaoneka kutsika ikamapita kutali, ya pansi imaoneka kukwera, ndipo pakatipo pali mzere umodzi umene wagona chogona osakwera osatsika. Pamenepo ndi pamene panali kamera. Pa chithunzi chathu mzerewo ukudutsa pa mapewa a amalume amene aima kumapeto, ndiye kuti foni inagwiridwa pafupifupi masentimita 140 kuchokera pansi. Kokani mzere wothandizira kuchokera pa rula ya pamwamba muusiye pamenepo, tiufuna posachedwa.

Zithunzi zitatu zochokera ku Joni

Tinene kuti achimwene atumiza zitatu. Choyamba ndi selefi, nkhope ikuoneka bwino kwambiri, akumwetulira, ndipo ndi chimene banja lingasankhe. Chikaneni. Selefi imajambulidwa kamera ili pafupifupi theka la mita kuchokera kumaso, choncho mphuno imakhala pafupi kwambiri ndi kamera poyerekeza ndi makutu. Mphuno imakula, makutu amabisala kuseri kwa masaya, mapewa amagwa. Anthu a pa chithunzi cha banja anajambulidwa pa mamita 3 kapena 4, pomwe mphuno ndi makutu zili pa mtunda pafupifupi wofanana. Kuchepetsa selefi kumangochepetsa kukula kwake, maonekedwe opotokawo amatsala, ndipo munthuyo amaoneka ngati akusuzumira m'chithunzimo.

Chachiwiri anajambulidwa thupi lonse, atavala bwino, koma padzuwa la masana. Theka la nkhope lawala, theka lili mumdima, maso watsinzina. Ichinso ayi. Ngakhale chithunzi cha ku Chibavi chikanakhala cha padzuwa, pakanafunikabe kusamala. Mu Juni dzuwa la masana ku Mzuzu limakwera pafupifupi madigiri 55 chakumpoto, moti mthunzi wa munthu umakhala wamfupi kuposa mwini wake. Ku Joni tsiku lomwelo limangofika pafupifupi madigiri 40, ndipo mthunzi umatalika kuposa munthu. Kusiyana kumeneku kumaonekera pa kutalika kwa mthunzi wa mphuno ndi wa chibwano.

Chachitatu anajambulidwa ndi mnzake ataima chapatali, iye ali pamthunzi wa khonde chakumadzulo, thupi lonse likuoneka, wayang'ana kutsogolo. Mtundu wake ndi wachikasu pang'ono ndipo nkhope siikuwala ngati pa selefi. Ichi ndiye chathu. Zolakwika zake zonse ndi za gulu limene limakonzeka.

Ngati palibe chabwino pa zonsezo ndipo munthuyo ali moyo, musalimbane ndi zithunzi zakale. Muuzeni ajambulitse china, ndipo mumulembere malangizo omveka: aime panja pamthunzi kapena tsiku la mitambo, womujambula aime mamita 4, foni ikhale pa msinkhu wa chifuwa osaipendekera m'mwamba kapena pansi, asayatse fulashi, asagwiritse ntchito Portrait kapena zosalalitsa nkhope, kumbuyo kukhale khoma lopanda zambiri, ndipo mapazi aoneke. Mutumizireninso chithunzi cha banjacho kuti aone mmene anzake aimira. Mphindi zisanu za kumeneko zimapulumutsa maola angapo a pa kompyuta.

Katumizidwe nakonso. WhatsApp imafinya zithunzi, chithunzi chotumizidwa mwa nthawi zonse chimafika chili ndi mapikiselo pafupifupi 1600 mbali yaitali. Munthu woima m'chithunzi choterocho akhoza kungokhala mapikiselo 1000, ndipo mudzakakamizika kumukulitsa. Kukulitsa kumabweretsa chimbuuzi chimene sichibwezeka. Atumize ngati Document, chifike mmene chinajambulidwira. Bandulo idyekapo, koma ndi kamodzi kokha.

Ena akapeza kuti kuwala kuli kumanzere pomwe akukufuna kumanja amangotembenuza munthuyo ndi Flip Horizontally. Zimathandiza pa kuwala, koma yang'anani kaye zolemba pa malaya, wotchi, mphete ya ukwati, mabatani ndi chipsera ngati alinacho. Komanso nkhope ya munthu siifanana mbali zonse ziwiri. Alendo sangazindikire, koma apabanja amaona kuti pali chachilendo. Ngati n'kotheka, m'malo motembenuza munthuyo funani chithunzi china.

Malo oti aime

Anthu ambiri amaika m'baleyo kumapeto kwa mzere chifukwa ndi kumene kuli mpata. Kumeneko ndi kovuta kwambiri. Thupi lonse limakhala poyera, nsapato ziyenera kuponda pansi mokhulupirika, ndipo kamera za mafoni zimatambasula mitu ya anthu a m'mphepete, choncho iye yekha amaoneka wosatambasuka. Malo abwino ndi mzere wa kumbuyo, pakati pa anthu awiri, pomwe mipando ndi anthu okhala pansi abisa miyendo yake. Mukabisa mapazi mwachotsa theka la mavuto. Pa chithunzi chathu pali kampata pakati pa azakhali ndi msuweni, kuseri kwa mpando wa agogo. Aima pamenepo.

Tsegulani chithunzi cha banja, kenako File > Open as Layers kuti cha ku Joni chibwere pamwamba pake ngati leya yakeyake. Sungani ntchitoyo ngati XCF, fayilo ya GIMP yosunga leya zonse, nthawi yomweyo, ndipo chithunzi choyambiriracho musachikhudze.

Podula musagwiritse ntchito chofufutira, chifukwa chimene mwafufuta chapita. Pitani pa Layer > Mask > Add Layer Mask, sankhani White. Pa masiki, chakuda chimabisa, choyera chimaonetsa, ndipo mukalakwitsa mumangopakanso choyera. Zungulirani thupi ndi chida cha Paths, mzere wanu uziyenda mkati pang'ono mwa malire a thupi. Mukatseka mzerewo chitani Select > From Path, kenako Select > Shrink ndi pikiselo 1, Select > Feather ndi 1 kapena 2, Select > Invert, n'kudzaza chakuda pa masiki, pomaliza Select > None. Kuchepetsa ndi pikiselo imodziyo kumachotsa kamzere ka khoma la ku Joni kamene kamatsalira m'mphepete mwa jekete. Kamzere kameneko n'kamene kamaulula ntchito zambiri. Tsitsi lometa mwachidule ndi duku sizivuta. Tsitsi lalitali lopesa kapena mawigi zimafuna burashi yaing'ono yofewa ndi kudekha, ndipo zimapepuka ngati kumbuyo kwa zithunzi zonse ziwiri kuli kofanana kuwala kwake.

Msinkhu: yezani, musayerekeze ndi maso

Funsani banja kutalika kwa anthu awiri: achimwene, ndi munthu mmodzi wa mzere womwewo amene akuoneka kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Ngati sakudziwa masentimita, tepi ya telala ikwanira kuyeza amene ali pafupi, ndipo za winayo adzakuuzani kuti "amawaposa amalume ndi zala zinayi". Tinene kuti amalume ndi masentimita 170, achimwene ndi 178.

Ndi chida cha Measure yezani amalume pa chithunzi. Apezeka mapikiselo 1360. Yezaninso achimwene pa leya yawo, apezeka 1780. Masamu ake ndi awa:

```
1360 / 170 = 8
178 x 8 = 1424
1424 / 1780 = 0.80
```

Ndiye kuti pa mzere umenewo sentimita iliyonse ndi mapikiselo 8, achimwene ayenera kukhala mapikiselo 1424, ndipo leya yawo ichepetsedwe kufika pa 80 peresenti. Chitani zimenezi pa Layer > Scale Layer, m'litali ndi m'lifupi zitamangidwa pamodzi kuti munthu asafupike chonenepa. Chepetsani kamodzi kokha. Mukaona kuti sizinakhale bwino, bwererani m'mbuyo muyambirenso pa chachikulu chija, chifukwa kuchepetsa n'kukulitsanso kumadya kuthwa kwa chithunzi.

Munthu woyezerapoyo akhale wa mzere womwewo, ndipo chifukwa chake n'chachikulu kuposa mmene ambiri amaganizira. Ngati okhala pamipando ali pa mamita 3 kuchokera pa kamera ndipo oimirira ali pa mamita 4, mutu wa munthu wa kumbuyo umaoneka magawo atatu mwa anayi a mutu womwewo utakhala kutsogolo. Mukafananiza mutu wa achimwene ndi wa bambo amene ali pampando, mupanga chimphona.

Tsopano mzere wa kamera uja. Pamalo athyathyathya, mzerewo umadula munthu aliyense woimirira pa masentimita 140 kuchokera kuphazi, kaya ali pafupi kaya ali kutali. Kwa achimwene zikutanthauza kuti masentimita 38 a thupi lawo akhale pamwamba pa mzerewo, omwe ndi mapikiselo 304. Sunthani leya mpaka nsonga ya mutu ifike mapikiselo 304 pamwamba pa mzere, ndipo mapazi, ngakhale abisika, agwera pamalo pake. Mpata ukachepa n'kufuna kuti aime kumbuyo pang'ono, titi theka la mita, yambiraninso pa chachikulu chija, 80 peresenti ija muichulukitse ndi 4 kugawa ndi 4.5, mutu utsike ufike pa mapikiselo pafupifupi 270 pamwamba pa mzere. Lamuloli limafuna pansi polingana, ndipo mabwalo ambiri mu Mzuzu ndi otsetsereka. Ngati nyumba ili pachitunda, onani mmene mapazi a anthu a kumapeto onse awiri akutsikira, muike achimwene motsatira kutsetserekako.

Nanga ngati chithunzi cha munthuyo chikulekezera m'chiuno? Gwiritsani ntchito maso. Mtunda wa pakati pa maso awiri mwa akuluakulu susiyana kwambiri, ambiri uli pafupi ndi masentimita 6 ndi theka. Yezani mtundawo pa anthu awiri oyandikana naye amene ayang'ana kamera mwachindunji, tengani wapakatikati, mufananize. Njirayi imalephera ngati wina wapotoza mutu kapena ndi mwana. Mukatero onaninso kutalika kwa mutu kuchokera pachibwano kufika pamwamba, komanso kutambalala kwa mapewa. Ziwiri mwa zitatuzi zikagwirizana, imani pamenepo.

Kuti alowedi m'gulu, koperani leya ya banja muiike pamwamba pa achimwene, muipatse masiki yakuda yonse, kenako pakani choyera pa agogo, pa mpando wawo ndi pa phewa la azakhali. Tsopano anthu amenewa ali kutsogolo kwake. Phewa limodzi likabisika pang'ono kuseri kwa mnzake, diso limavomereza msanga kuti anaima limodzi.

Mtundu ndi kuwala

Cholakwika chofala apa ndi kufananiza khungu la munthuyo ndi la amene waima naye. Abale sakhala ndi khungu lofanana, wina ndi woderako wina woyererako, ndipo mukatsatira khungu mudzamusintha munthu. Fananizani zinthu zimene mukudziwa mtundu wake weniweni: choyera ndi choyera, chakuda ndi chakuda.

Tengani Color Picker, yatsani Sample merged ndi Sample average, dinani pa kolala ya shati yoyera ya msuweni, pamalo owala koma osapserera. Tinene kuti mwapeza R 228, G 231, B 238. Buluu wachulukirapo, ndi mmene kuwala kwa mitambo kumakhalira. Dinani pa kolala ya achimwene, mwapeza R 245, G 232, B 205. Kufiira kwachuluka, buluu wachepa, ndiye chikasu chija. Tsegulani Colors > Levels pa leya yawo, muonetsetse kuti mwasankha chithunzicho osati masiki. Pa Red tsitsani mbali yowala ya Output Levels kufika cha m'ma 237. Green musiyeni. Pa Blue kokerani mbali yowala ya Input Levels kufika cha m'ma 220. Yezaninso kolalayo, musunthe pang'onopang'ono mpaka manambala ayandikane. Safunika kufanana ndendende, kusiyana kwa 3 kapena 4 sikuoneka.

Kenako chakuda. Yezani malo odetsetsa pa chithunzi cha banja, mwina mkati mwa jekete yakuda kapena tsitsi. Pa tsiku la nkhungu chakuda sichifika pa 0, chimakhala mwina 20 kapena 25. Ngati thalauza kapena tsitsi la achimwene lili pa 5, adzaoneka ngati chigamba chatsopano pa chitenje chakale. Pa Value kwezani mbali yakuda ya Output Levels mpaka chakuda chawo chifanane ndi cha anzawo. Anthu ambiri amakonza zoyera n'kuiwala zakuda, chonsecho zakuda ndi zimene diso limagwira msanga. Zovala zikawala mtundu mopitirira, tsitsani pang'ono pa Colors > Saturation.

Mukatha apa khungu limakhala litagwera lokha pamalo pake. Likaoneka lotuwa ngati phulusa, mwapyola ndi buluu, bwezani pang'ono.

Chatsala ndi mbali imene kuwala kukuchokera. Pakhonde la ku Joni kuwala kunalowa cham'mbali, pomwe ku Chibavi kunachokera kumwamba. Popeza konse ndi kofewa, zimakonzeka. Chitani Layer > Mask > Mask to Selection kuti burashi isatuluke kunja kwa thupi, pangani leya yatsopano pamwamba pa achimwene, Mode ikhale Multiply. Ndi burashi yofewa, Opacity pa 10, mtundu wa bulauni woderako wotengedwa pakhosi pa msuweni, pakani pansi pa chibwano, pansi pa nsidze pang'ono, ndi tsaya limene lawala mopitirira. Pakani kangapo mopepuka m'malo mopaka kamodzi mwamphamvu. Pa leya ina ya Screen walitsani mphumi ndi pamwamba pa mapewa, mochepa kwambiri, ndipo mukatha chitani Select > None. Mukayamba kuona pamene burashi yadutsa, mwapyola. Nkhope ya munthu si yoseweretsa, mukasintha mithunzi kwambiri mumasintha mafupa a nkhope, n'kutuluka munthu wofanana naye koma osati iye.

Mithunzi ya pakati pa anthu

Anthu akaima moyandikana amatchingirana kuwala. Pamene phewa la azakhali lakumana ndi mkono wa achimwene payenera kuda. Pamimba pawo, kuseri kwa mutu wa agogo, payenera kuda kuposa pachifuwa chifukwa kumunsiko kuwala sikufika kwambiri. Ngati khoma lili pafupi kumbuyo kwawo, nalonso lide pang'ono mozungulira thupi, monga lachitira kwa ena. Mthunzi wa pakhoma upite pa leya ya Multiply ya pansi pa achimwene, wa pathupi pawo upite pa ya pamwamba.

Musapake ndi wakuda weniweni. Tengani mtundu wake pa mthunzi umene ulipo kale pa chithunzicho. Pa dothi lofiira mthunzi umakhala wa bulauni, pa kapinga umakhala wobiriwira moderako, pa simenti umapita ku buluu. Ngati mapazi akuoneka, pamafunika mithunzi iwiri: kamzere kakang'ono kakuda kwambiri pamene nsapato yagunda pansi, ndi wina wotambalala wofewa wozungulira, wofewetsedwa ndi Filters > Blur > Gaussian Blur mpaka ufanane ndi wa amalume. Kamzere koyambako kakasowa, munthu amayandama. Pa chithunzi cha padzuwa, mthunzi wake uloze kumene ya anzake yaloza, ndipo kutalika kwake kutsatire muyezo womwewo: ngati wa amalume ndi theka la msinkhu wawo, wakenso ukhale theka.

Kuthwa ndi timchenga

Kulitsani chithunzi kufika pa 100 peresenti muike nkhope ya achimwene pambali pa ya msuweni. Popeza tinawachepetsa, iwo akuoneka akuthwa kuposa aliyense, ulusi wa jekete ukuoneka pomwe za ena zasalala. Apatseni Gaussian Blur wa pakati pa 0.5 ndi 1. Zimawawa kuwononga dala chithunzi chabwino, koma munthu wakuthwa pakati pa anthu a chimbuuzi amaonekera patali. Kenako onani timchenga timene timakhala m'malo akuda a chithunzi cha foni. Ngati banja lili nato ndipo iye wasalala, wonjezerani ndi Filters > Noise > HSV Noise, pang'onopang'ono, mukuyerekeza jekete yake ndi ya woyandikana naye.

Poyesa ntchito, maso amene akhala pa chithunzi kwa ola amanama. Pangani kope la leya zonse pamodzi ndi Layer > New from Visible, mulichotse mtundu ndi Colors > Desaturate. Pa chakuda ndi choyera, munthu wowala kapena woda mopitirira amatulukira nthawi yomweyo. Kenako chepetsani chithunzi chikhale kakang'ono ngati ka pa sitetasi. Diso lanu likathamangira kwa achimwene musanaone mwini tsiku wovala gauni, pali chimene chatsala. Pomaliza onetsani munthu wosadziwa banjalo mumufunse kuti ndani sanalipo. Akaloza msuweni, mwatha.

Akakhala kuti anatisiya

Pempho lina limene limabwera kawirikawiri ndi la agogo kapena bambo amene anamwalira, ndipo chithunzi chilipo ndi chimodzi, cha m'situdiyo, chotsukidwa kalekale. Chichotseni m'felemu, chifukwa galasi limanyezimira, muchiike pa sikana pa 600 dpi. Chithunzi cha masentimita 10 kwa 15 chimatuluka mapikiselo pafupifupi 2400 kwa 3500, okwanira bwino. Sikana ikasowa, chijambuleni panja pamthunzi foni itayang'ana chindunji, osapendekeka.

Mavuto ake ndi akulu. Fulashi ya m'situdiyo imamenya nkhope kuchokera kutsogolo n'kuchotsa mithunzi, mapepala akale ambiri amasanduka ofiirira, ndipo mwina chithunzicho chikulekezera pachifuwa. Pamenepa ena amabwereka thupi la munthu wina n'kumatapo mutu. Sindikulimbikitsa zimenezo. Khosi silikumana bwino, ndipo banja limadziwa kaimidwe ka munthu wawo, mmene ankagwetsera phewa, mmene ankagwirira manja. Palinso nkhani ya zaka: bambo wojambulidwa ali ndi zaka 35 ataima pambali pa mwana wawo wa zaka 40 sizikhala bwino ngakhale kuwala kutagwirizana motani. Zikatero ndi bwino kuwaika mwaulemu m'kabwalo kozungulira pakona ya kumwamba, m'mphepete mwake mutafewetsedwa, pomwe aliyense akuona kuti ndi chikumbutso. Kapena kuchepetsa mtundu wa chithunzi chonse chikhale chakuda ndi choyera, zimene zimachotseratu vuto la mitundu yosiyana, kutsala la kuwala ndi msinkhu. Ndipo musanayambe, amene wabweretsa ntchitoyo afunse kaye akuluakulu a banja, makamaka mayi wamasiye. Si onse amafuna kuona malemu ataima pa mwambo umene sanaufike. Wamoyo nayenso adziwe kuti akuikidwa pa chithunzi.

Kukatsukitsa

Tulutsani ndi File > Export As ngati JPEG, Quality pa 95, ndipo mupite nacho pa fulashi disiki kapena ngati Document. Pa madontho 300 pa inchi, pepala la A4 limafuna mapikiselo 3508 kwa 2480, choncho chathu cha 4000 kwa 3000 chikukwana. Koma A4 ndi yaitali pang'ono poyerekeza ndi chithunzi cha foni, ndiye kumwamba kapena kumunsi kudulidwa. Dulani nokha musanapite, kuopa kuti makina angadye mutu wa achimwene, amene tsopano ndi wamtali kuposa onse pa mzerewo.

Tsukitsani kaye kakang'ono. Pepala limada kuposa sikirini chifukwa siliwala lokha, ndipo mithunzi imene munapaka imaoneka yolemera kuposa mmene munaisiyira. Ikatero, tsegulani XCF ija mutsitse Opacity ya leya za Multiply, mutsukitsenso kakang'ono, kenako chachikulu. Kuseri kwake lembani tsiku la mwambo, dzina la amene anawonjezedwa ndi chaka chimene chithunzi chake chinajambulidwa, ndipo banja lipatsidwenso chithunzi choyambirira chija chosasinthidwa.